Lipoti lokonza laibulale ya pasukulu: momwe mungalilembere pamayeso

Ndikamachonga ntchito za ana anga a Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE, funso la lipoti la laibulale limandibweretsera mapepala ofanana ngati anaonerana. Pafupifupi aliyense amalemba kuti laibulale ndi yofunika, mabuku ndi ochepa, ndiye boma litithandize. Chichewa chake chimakhala chosalala ndithu, koma mphunzitsi wamkulu atalandira pepala lotere sangadziwe choti ayambe kuchita Lolemba m'mawa. Malikisi amathawira pomwepo. Lipoti amalembera munthu amene ali ndi mphamvu yolamula kuti chinthu chichitike, ndipo ntchito yanu ndi kumuikira m'manja vuto looneka ndi njira yoti angaikwanitse.

Tigwiritsa ntchito funso ili, limene ndalikonza motsatira momwe mafunso otere amabwerera:

"Ndinu wapampando wa komiti ya ophunzira yoyang'anira laibulale pasukulu panu. Mphunzitsi wamkulu wakupemphani kuti mufufuze mavuto a laibulaleyo. Lembani lipoti la mawu osachepera 350 koma osapitirira 500 lofotokoza zomwe mwapeza ndi zomwe mukuona kuti zichitike."

Choyamba: dziwani mpando umene funso lakukhazikani

Musanalembe liwu, dulani mzere kunsi kwa zinthu zinayi: ndinu ndani, mukulembera ndani, nkhani yake ndi yotani, ndipo akufuna zigawo zingati. Pano ndinu wapampando wa komiti, choncho mulankhula ngati "ife", osati ngati mwana mmodzi amene wakhumudwa. Wolandira ndi mphunzitsi wamkulu, munthu wodziwa kale kuti laibulale ndi chiyani, motero ndime yonse yofotokoza ubwino wowerenga mabuku ndi mawu otayika. Zigawo ndi ziwiri, zomwe mwapeza ndi zomwe zichitike. Amene walemba mavuto okhaokha wayankha theka la funso ngakhale atadzaza masamba awiri. Onaninso malire a mawu papepala lanu lenilenilo, chifukwa ndi amene akulamula, osati amene munazolowera m'kalasi.

Chachiwiri: lowani m'laibulale muli pampando pomwepo

Tengani mphindi zisanu, mutseke maso pang'ono, mulowe m'chipinda chimene mumachidziwa. Yambani pakhomo: chitseko ndi chotsekula kapena pali loko, ndipo makiyi amasunga ndani? Yang'anani kudenga. Yang'anani kunsi kwa mashelefu kumene chiswe chimakwerera. Werengani mipando. Tsegulani kaundula wa obwereka mabuku muone ngati akulembedwa. Mukatero mupeza mavuto mwina khumi, koma m'mawu 500 simungasenze onse. Sankhani anayi, kapena atatu, ndipo akhale osiyana mtundu. Kunena kuti mabuku ndi ochepa, kenako kuti mabuku a Masamu sakukwanira, kenako kuti ana amalimbirana mabuku, ndi vuto limodzi lovala malaya atatu.

Ine ndasankha awa: mabuku akusowa, mabuku akuwonongeka ndi mvula ndi chiswe, nthawi ndi malo owerengera n'zochepa, komanso mabuku a phunziro limodzi lofunika sakukwanira.

Tsopano vuto lililonse lipatseni nambala. Ophunzira ambiri amaopa kuti kupeka nambala ndi kunama. Pamayeso si choncho, pakuti funso lenilenilo ndi lopeka, ndipo wochonga akufuna kuona ngati mumadziwa kuti lipoti limaimira pa umboni. Chimene sakhululuka ndi nambala zotsutsana kapena zosamveka. Zilembeni pambali musanayambe, muzichitire masamu. Zanga ndi izi. Sukulu ili ndi ophunzira 480. Kaundula akuti pali mabuku 620, koma pamashelefu ndi m'manja mwa obwereka tapeza 540, ndiye osowa ndi 80. Mwa 540 amenewo, 95 ndi owonongeka. Mipando ilipo 24, ndipo laibulale imatsekulidwa ola limodzi patsiku, masiku atatu pasabata. A Fomu 4 alipo 110 pomwe mabuku awo a Bayoloje ndi 11.

Taonani chimene nambala zimachita zikakumana. Mipando 24 kuchulukitsa ndi maola atatu ndi 72: anthu 72 okha ndi amene angakhale pansi ola limodzi pasabata. Gawani 480 ndi 72, mupeza kuti wophunzira aliyense angapeze mpata kamodzi pa masabata pafupifupi asanu ndi awiri. Chiganizo chimodzi chimenechi chimagwira mtima wa mphunzitsi wamkulu kuposa kulemba kasanu kuti "malo ndi ochepa kwambiri zedi".

Chachitatu: vuto lililonse likhale ndi mankhwala ake

Apa ndi pamene pali mtima wa lipoti, ndiye tikhalapo pang'ono. Papepala lanu lokonzera, lembani mavuto kumanzere, ndipo moyang'anizana ndi lililonse lembani chochita. Vuto likakhala lopanda mnzake kumanja, mwangodandaula. Chochita chikakhala chopanda mnzake kumanzere, mwapempha chinthu chimene simunaonetse chifukwa chake. Cholakwika chachiwirichi ndimachiona kwambiri: mwana walemba za denga lodontha ndi mabuku osowa, kenako kumapeto akupempha makompyuta 50 ndi intaneti. Makompyutawo achokera kuti m'nkhaniyi? Ndipo aikidwa pansi pa denga lodontha lomwelo?

Kuti mupeze mankhwala oyenera, funsani chifukwa chake vutolo lilipo. Mabuku 80 akusowa. Wofulumira amalemba kuti sukulu igule ena 80. Koma ngati akusowa chifukwa choti kaundula salembedwa tsiku lobweza, ndiponso mabuku alibe chidindo cha sukulu moti amatha kugulitsidwa pamsika popanda wowazindikira, atsopanowo adzatsata njira yomweyo. Mankhwala ake ndi kudinda buku lililonse, kulipatsa nambala yakeyake, kulemba tsiku lobweza, ndi kuitanitsa mabuku onse teremu isanathe. Zonsezi zimafuna inki ndi khama, osati mamiliyoni.

Chochita chilichonse chiyeseni ndi mafunso atatu. Achite ndani? Achite liti? Kodi mphunzitsi wamkulu ali ndi mphamvu pa chimenechi? Funso lomalizali ndi limene limagwetsa mawu akuti "boma limange laibulale yatsopano". Mphunzitsi wamkulu salamula boma. Chimene angathe ndi kusintha ndondomeko ya nthawi, kupatsa mphunzitsi udindo, kutuma kalipentala, kutengera nkhani ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kapena kulemba kalata yopempha thandizo. Ngati mukufuna thandizo lakunja, lembani chimene iyeyo angachite: "sukulu ilembere kalata bungwe loyang'anira malaibulale m'dziko muno, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, ndiponso ophunzira akale." Pamenepo mwatchula khomo loti akagogode.

Sanjani zochitazo kuyambira zosafuna ndalama kufikira zodula. Munthu wosunga thumba la sukulu akaona kuti mfundo ziwiri zoyambirira angaziyambe mawa popanda kutulutsa tambala, amawerenga yachitatu ndi mtima wofewa. Ndimalangizanso kuti musatchule mitengo m'makwacha. Mtengo wa lata kapena wa buku umasintha msanga, ndipo mukaphonya kwambiri lipoti lonse limaoneka lachibwana. Tchulani kuchuluka kwa zinthu: malata atatu, mabenchi anayi, mabuku 11.

Pali chinanso chimene ana ambiri saganizira. Ikanimo chimene ophunzira eni ake achite. Lipoti limene likuti "ife timata mabuku ong'ambika Loweruka, inu mutipatse guluu ndi mapepala olimba" limamveka ngati la anthu osenza nawo katundu.

Chachinayi: yalani mutu wa lipoti ndi zigawo zake

Malipoti a pasukulu amalembedwa m'njira ziwiri. Ina imafanana ndi kalata yantchito, yokhala ndi makeyala awiri, tsiku, malonje ndi mutu. Ina imayamba ndi mizere inayi: kupita kwa, kuchokera kwa, tsiku ndi mutu. Funso likatchula njira, tsatani yomweyo. Likapanda kutchula, sankhani imene aphunzitsi anu anakuphunzitsani ndipo musasakanize. Mukatenga ya mizere inayi, simulembanso "Okondedwa Bambo" kapena kufunsa za moyo. Mutu ukhale waufupi, wa zilembo zikuluzikulu kapena wodulidwa mzere kunsi, osati zonse ziwiri.

Chiyambi chiyankhe zinthu zitatu m'ziganizo zochepa: anakutumani ndani, munafufuza liti, ndipo munafufuza bwanji. Kenako pabwere zomwe mwapeza, popanda kusakanizamo maganizo anu. Zoyenera kuchita zibwere pambuyo, m'ndondomeko yoti wowerenga aone msanga vuto limene chilichonse chikuyankha. Mathero akhale achidule, ndipo kunsi musayine ndi kulemba udindo wanu.

Nachi chitsanzo chonse. Pamene pali mzere mpoti muikepo dzina lopeka kapena limene funso lakupatsani.

*Kupita kwa: Mphunzitsi Wamkulu, Sukulu ya Sekondale ya ________*

*Kuchokera kwa: Wapampando, Komiti ya Ophunzira Yoyang'anira Laibulale*

*Tsiku: 14 Malichi, 2025*

*Mutu: LIPOTI LA MAVUTO A LAIBULALE NDI NJIRA ZOWATHETSERA*

*Chiyambi*

*Pa 3 Malichi, 2025 munapempha komiti yathu kuti ifufuze momwe laibulale ya pasukulu pano ikuyendera. Kuyambira pa 4 mpaka pa 12 Malichi tinawerenga mabuku onse, tinaunika kaundula wa obwereka, tinayendera chipinda, ndipo tinacheza ndi ophunzira 60, kutenga 15 m'fomu iliyonse. Lipotili likufotokoza zomwe tinapeza ndi zomwe tikupempha kuti zichitike.*

*Zomwe tinapeza*

*Choyamba, mabuku akusowa. Kaundula akusonyeza mabuku 620, koma tinapeza 540 okha, kuphatikizapo amene ali ndi obwereka. Mabuku 80 sakudziwika komwe ali. M'kaundula mulibe malo olemba tsiku lobweza, ndipo mabuku ambiri alibe chidindo cha sukulu.*

*Chachiwiri, mabuku 95 ndi owonongeka. Malata atatu a mbali ya kuvuma amadontha, moti madzi amagwera pashelefu ya mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Mashelefu awiri amene anatsamira khoma agwidwa chiswe.*

*Chachitatu, mpata wowerenga ndi wochepa. Laibulale imatsekulidwa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuyambira 2 koloko mpaka 3 koloko masana, ndipo ili ndi mipando 24 pa ophunzira 480. Izi zikutanthauza kuti wophunzira aliyense angapeze pokhala kamodzi pa masabata pafupifupi asanu ndi awiri. Mwa ophunzira 60 amene tinacheza nawo, 42 anati anabwererapo pakhomo chifukwa chosowa malo.*

*Chachinayi, mabuku a Bayoloje a Fomu 4 alipo 11 pa ophunzira 110, kutanthauza buku limodzi pa anthu khumi.*

*Zoyenera kuchita*

*1. Buku lililonse lidindidwe ndi kupatsidwa nambala, ndipo m'kaundula muwonjezedwe malo a tsiku lobweza. Komiti yathu ingagwire ntchitoyi m'masabata awiri moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wa laibulale. Mabuku onse azibwezedwa sabata imodzi teremu isanathe.*

*2. Laibulale izitsekulidwa tsiku lililonse la sukulu kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko, ndipo fomu iliyonse ikhale ndi tsiku lake, Lachisanu likhale la aliyense. Mamembala a komiti azisinthana pothandiza mphunzitsi. Mabenchi anayi amene ali m'chipinda chosungira katundu akonzedwe, kuti malo okhala afike 40.*

*3. Malata atatu odontha asinthidwe mwezi uno. Podikira zimenezi, shelefu yonyowayo isunthidwe. Mashelefu onse atalikirane ndi khoma ndipo pathiridwe mankhwala a chiswe. Ophunzira amata mabuku ong'ambika Loweruka sukulu ikapereka guluu ndi mapepala olimba.*

*4. Sukulu ipeze mabuku ena 11 a Bayoloje teremu yachitatu isanayambe, kuti buku limodzi lizithandiza anthu asanu. Tikupempha kuti nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, komanso kuti sukulu ilembere ophunzira akale kalata yopempha thandizo. Pakadali pano mabuku a phunziroli aziwerengedwa m'laibulale momwemo, asamatuluke.*

*Mathero*

*Mfundo yoyamba ndi yachiwiri sizifuna ndalama zambiri ndipo zingayambe sabata yamawa. Yofunika changu kwambiri ndi ya denga, popeza mvula idakagwabe. Komiti ndi yokonzeka kukumana nanu kuti ifotokoze zambiri.*

*(siginecha)*

*Wapampando wa Komiti*

Chachisanu: onani chifukwa chake lalembedwa chotero

Werenganinso vuto loyamba. Silinathere pa nambala 80, lapitiriza kutchula kaundula wopanda tsiku lobweza ndi mabuku opanda chidindo. Ziganizo zimenezo ndi mlatho wopita ku chochita choyamba. Zikanasowa, pempho lodinda mabuku likanangotulukira ngati bowa.

Onaninso kuti palibe munthu amene walozedwa chala. Lipoti silinanene kuti mphunzitsi wa laibulale ndi waulesi kapena kuti a Fomu 2 ndi akuba. Likunena kuti mabuku "sakudziwika komwe ali", chifukwa ndi zokhazo zimene kuwerenga mabuku kungatsimikize. Mukaneneza munthu popanda umboni, mwachoka pa lipoti mwalowa miseche, ndipo mukulankhula ndi mkulu wa munthu amene mukumunenezayo. Ulemu wake uonekenso m'maverebu. Kwa mphunzitsi wamkulu timati "munapempha", "tikupempha kuti", "asinthidwe", osati "muyenera kusintha" kapena "sinthani msanga". Kalembedwe ka "lidindidwe, izitsekulidwa, akonzedwe" kamanena chochita momveka popanda kulamula wamkulu ngati mwana.

Nthawi ya maverebu nayo imasintha ndi chigawo. Pa kafukufuku mukunena zakale: tinawerenga, tinapeza. Pa mavuto amene alipobe mukunena za tsopano: amadontha, imatsekulidwa. Mukalemba kuti denga "linkadontha", wowerenga aganiza kuti linakonzedwa kale.

Mwina mwaona kuti zochita sizinatsate ndondomeko ya mavuto ndendende, pakuti za nthawi yotsekulira zabwera patsogolo pa za denga. Ndinachita dala kuti zotchipa ziyambe. Koma popeza denga silingadikire, mathero alikweza poyera. Mwezi wa Malichi mvula imakhala isanathe m'madera ambiri a Malawi, ndiye tsiku la lipoti likugwirizana ndi changu chimenecho. Mukanalemba tsiku la mu Ogasiti n'kumati mvula ikunyowetsa mabuku, wochonga watcheru akanadabwa. Zikatero mumanena kuti denga likonzedwe dzinja lisanafike.

Miyambi ndi zining'a zisungireni chimangirizo. Ndimawakonda mawu okometsera, ndipo m'nkhani yopeka ndimapereka malikisi chifukwa cha iwo, koma lipoti loyamba ndi "akuluakulu anati" limachedwetsa munthu amene akufuna kudziwa kuti malata odontha ndi angati. Pewaninso kulowetsa mawu a Chingerezi osawasintha. Laibulale, shelefu, teremu ndi komiti ndi mawu amene tinawalandira ndipo amalembedwa Chichewa. Pamene liwu lathu lilipo, monga kaundula kapena chidindo, ligwiritseni ntchito.

Chomaliza: mphindi zisanu zounika

Yambani ndi masamu. Kodi 620 kuchotsa 540 ikupereka 80? Kodi 15 kuchulukitsa ndi mafomu anayi ikukwana 60? Mipando 24 kuwonjezera mabenchi anayi a anthu anayi lililonse ikufika 40? Mabuku 11 kuwonjezera 11 ndi 22, ndipo 110 kugawa ndi 22 ndi 5, choncho "anthu asanu" ali bwino. Onaninso masiku: kafukufuku sangathe pambuyo pa tsiku limene lipoti lalembedwa.

Kenako ikani chala pa vuto lililonse, chala china chifufuze chochita chake. Mukatha yang'anani kugwirizana kwa mawu, kumene ana ambiri amapunthwa, makamaka pa mayina obwereka: ndi lipoti *ili*, laibulale *iyi*, kaundula *uyu*, chiswe *ichi*.

Powerenga mawu musawerenge limodzilimodzi. Werengani mawu a m'mizere itatu, mupeze kuti pamzere umodzi mumalemba angati, ndiye muchulukitse ndi mizere yonse. Ngati mumalemba mawu 8 pamzere, mizere 50 ndi mawu 400, ndipo muli m'kati mwa malire. Mukapitirira, musadule zochita kapena nambala. Dulani m'chiyambi ndi m'mathero, kapena chotsani vuto limodzi lathunthu pamodzi ndi chochita chake. Mukaperewera, musawonjezere vuto lachisanu mothamanga. Bwererani ku vuto limene mwangolitchula popanda chifukwa chake, monga la mabuku a Bayoloje m'chitsanzochi, muwonjezere chiganizo chonena zotsatira zake: kuti buku limodzi likabwerekedwa kwa sabata, anthu asanu ndi anayi amakhala opanda chowerenga mayeso ali pafupi.